Ndinapatsa anthu anga ma 4 ndi ma 5, pano akuti tikafananize malikisi ku kalibulesheni

Funso: Ndine supavaiza wa maloni ofisa 6 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Ntcheu, dera langa ndi la Lizulu mpaka Tsangano. Pa apulezo ya chaka chino awiri ndawapatsa 5, anayi ndawapatsa 4, ndipo ena ndinawauza kale. Pano abwana akuti masupavaiza tonse tikakumane pa boma ku msonkhano wa kalibulesheni kuti tikafananize malikisi. Mnzanga wa ku Kasinje amangopereka ma 2 ndi ma 3 basi. Kodi si njira yongofuna kudula mabonasi a anyamata anga imeneyi? Ndikonzekere bwanji?

Yankho: Achimwene, ndisakunamizeni, malikisi ena mwa amenewa akatsika ndithu, ndipo ndi bwino mulowe mu msonkhanowo mukudziwa kale zimenezo kusiyana ndi kukadzidzimuka muli pampando. Koma kutsikako pakokha si umboni woti abwana akufuna kudya bonasi ya anthu anu ayi. Msonkhano umenewu ukamayenda mmene umayenera kuyendera, amene akuyesedwa kwenikweni ndi inuyo masupavaiza, kuti muyeso umene mukugwiritsa ntchito ndi umodzi kapena aliyense ali ndi wake. Mukudziwa mmene zimakhalira pa msika wa Lizulu pogula mbatatesi, wina ndowa yake ndi yophwanyika pansi wina yake ndi yodzaza mpaka kusefukira, onse akuti ndowa imodzi. Nde 4 wanu ndi 4 wa mnzanu wa ku Kasinje akhoza kukhala choncho, dzina limodzi koma zam'kati zosiyana, pomwe bonasi ikutuluka mu thumba limodzi la bungwe.

Vuto limeneli si la ku Ntcheu kokha. Mu 2000 akatswiri atatu a ku America, a Scullen, a Mount ndi a Goff, anafufuza malikisi a mamanejala oposa 4,000 amene anapatsidwa ndi mabwana awo, anzawo komanso anthu amene ali pansi pawo, ndipo anapeza kuti zoposa theka la kusiyana kwa malikisi kunachokera kwa munthu wopereka malikisiyo, osati kwa amene akupatsidwa. Kutanthauza kuti mnyamata yemweyo, ntchito yomweyo, akanakhala pansi pa mnzanu uja bwenzi akupita kunyumba ndi 3, ali ndi inu akupita ndi 5. Kwa ine chimenechi ndi chifukwa chokwanira choti msonkhanowu uzichitika, chifukwa palibe amene amasankha supavaiza wake, ndipo si chilungamo kuti inkirimenti ya munthu idalire kuti anamutumiza ku bulanchi iti.

Tsono funso lenileni limene likakhale pa tebulo ndi ili: timu yanu ili ndi malikisi apamwamba chifukwa anthu anu ndi olimbikiradi, kapena chifukwa inuyo dzanja lanu ndi lofewa? Zonse ziwiri zimatheka, ndipo nambala yokha singayankhe. A ku ofesi yoona za antchito asanakuyitaneni amakhala atasonkhanitsa mafomu onse n'kuwerengera avereji ya supavaiza aliyense, zimene ngakhale inu mukhoza kuchita mu Excel ngati dzina la bulanchi lili mu B ndipo malikisi ali mu D:

```
=AVERAGEIF(B:B,"Lizulu",D:D)
```

Zanuzo ndi 5, 5, 4, 4, 4, 4, zonse pamodzi 26, kugawa ndi 6 ikubwera 4.3. Tiyerekeze kuti mnzanu wa ku Kasinje nayenso ali ndi anthu 6 ndipo wapereka 3, 3, 3, 3, 2, 2, imeneyo ndi 16, avereji 2.7. Tiyerekezenso kuti pali wachitatu wa pa boma amene onse 6 wawapatsa 3. Munthu wodziwa ntchito akaona nambala zitatuzi sanena kuti wa 4.3 walakwa, amangodziwa poyambira kufunsa. Ndipo wa pa bomayo, amene akuoneka ngati ali pakati bwinobwino, ine amandidetsa nkhawa kuposa inu, chifukwa anthu 6 sangagwire ntchito mofanana ndendende chaka chonse, nthawi zambiri ma 3 okhaokha amatanthauza kuti supavaiza sanafune kukangana ndi aliyense kapena sanali kulemba kalikonse chaka chonse nde wangothawira pakati.

Chinthu choyamba chimene msonkhano wabwino umachita, asanatchule dzina la wantchito aliyense, ndi kuwerenga mokweza tanthauzo la giredi iliyonse mmene zinalembedwera pa fomu. Katengeni fomu yanu lero lomwe muwerenge. M'mabungwe ambiri amene amagwiritsa 1 mpaka 5, 3 amatanthauza kuti munthu wakwaniritsa zonse zimene munagwirizana kumayambiriro kwa chaka, 4 ndi amene wapitirira pa zambiri mwa izo, 5 ndi amene wapitirira kwambiri pafupifupi pa zonse ndipo ntchito yake yathandizanso ena, 2 ndi amene zina wakwanitsa zina ayi, 1 ndi amene zambiri zamukanika. Apa ndi pamene masupavaiza ambiri amtima wabwino amasochera, ife tinazolowera za ku sukulu kuti 3 pa 5 ndi kungokhoza mwa mwayi, nde munthu akagwira bwino ntchito timaona ngati kumupatsa 3 ndi kumunyoza, timamukwezera pa 4. Pomwe pa fomu 3 ndi munthu wabwino, wodalirika, amene wachita zonse zimene bungwe limamulipirira. Mnzanu wa ku Kasinje mwina nayenso wapotokera mbali ina, kwa iye 4 ndi ya munthu wosalakwitsapo chilichonse. Nonse awiri mukuyenera kubwerera ku mawu a pa fomu.

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo kuti muone mmene kukambirana kwake kumakhalira. Nambalazi ndi zongoyerekeza, inu muikemo zanu zenizeni. Tinene kuti ofisa aliyense anapatsidwa tageti yobwereketsa K60 miliyoni pa chaka, komanso kuti ngongole zochedwa kupitirira masiku 30 zisafike 5 peresenti ya ndalama zonse zimene zili m'manja mwa makasitomala ake. Peresenti imeneyi mukuidziwa, mumatenga ndalama yonse yotsala pa maloni amene achedwa kupitirira masiku 30, osati gawo lochedwalo lokha, n'kugawa ndi ndalama yonse imene ili kunja.

Woyamba wanu wa 5, tinene ndi mayi amene amagwira pa Lizulu penipeni. Wabwereketsa K78 miliyoni, imeneyo ndi 130 peresenti ya tageti, zochedwa zili pa 3 peresenti, ndipo chaka chino waphunzitsa maofisa awiri atsopano amene pano akuyenda okha. Mnzanu wa ku Kasinje akhoza kunena kuti aaa pa Lizulu m'posavuta, msika uli pa M1, anthu amagulitsa tsiku ndi tsiku nde kubweza sikuvuta. Funso limenelo ndi loyenera, musapse nalo mtima. Yankho lake ndi kuyerekeza mayiyo ndi anzake a dera lomwelo: ngati ena a pa Lizulu pomwepo ali pa K61 miliyoni kapena K63 miliyoni, ndiye kuti msika wokha sukufotokoza K78 miliyoni, pali china chimene mayiyu akuchita. Apa 5 akhala, ndipo msonkhano ukagwirizana pa munthu ngati ameneyu umamutenga kukhala poyezera, wina aliyense amene akufuna 5 aziyerekezedwa ndi iye.

Wachiwiri wanu wa 5 ndi pamene nkhani ikavute. Tinene wabwereketsa K72 miliyoni, 120 peresenti, nambala yokongola ndithu ndipo mwina ndi imene inakukopani. Koma pa K40 miliyoni imene ili kunja, K3.6 miliyoni ili pa maloni ochedwa kupitirira masiku 30, imeneyo ndi 9 peresenti pomwe malire anali 5. Munthu ameneyu wapitirira pa chinthu chimodzi n'kulephera pa china, ndipo chimene walepheracho ndi chimene chimagwetsa mabungwe obwereketsa ndalama, chifukwa kupereka loni aliyense angathe, ntchito ili pa kusankha bwino wobwereka ndi kutsatira. Mukamuika pambali pa mayi uja simungathe kunena kuti ndi ofanana. Kawirikawiri supavaiza amapereka 5 wotereyu chifukwa mnyamatayo ndi wochangamuka, amabwera m'mamawa, amalankhula bwino ndi makasitomala, sakana akatumidwa, nde khalidwe limodzi labwino limaphimba zina zonse. Zimenezi katswiri wa za maganizo Edward Thorndike anazilemba kale mu 1920 ataona mmene akuluakulu a asilikali ankaperekera malikisi kwa anyamata awo, kuti akamuona munthu kuti ndi wabwino pa chimodzi ankamukweza pa zonse. Ine ndikanakhala mu msonkhanomo ndikanati ameneyu ndi 3, ndipo pa fomu palembedwe momveka kuti chaka chamawa nkhani yake ndi kutsitsa zochedwa. Wina akhoza kulimbikira 2, zimenezo zidalira kuti fomu yanu inapereka kulemera kotani pa tageti iliyonse, ngati kubweza kuli ndi gawo lalikulu kuposa kubwereketsa ndiye 2 akhoza kumveka.

Pamenepa pali kachinthu kena kamene wodziwa ntchitoyi akafunse, ndipo ndi bwino mukafike mutakayang'ana kale. Peresenti ya zochedwa imatha kuoneka yaing'ono ngati ofisa wapereka maloni ambiri atsopano mwezi womaliza, chifukwa nambala yogawira ija yakula pomwe maloni atsopanowo sanafike pochedwa. Imatsikanso ngati maloni oipa afafanizidwa m'mabuku kapena apatsidwa masiku atsopano obwezera. Nde musapite ndi nambala ya tsiku lomaliza lokha, tengani ya mwezi ndi mwezi chaka chonse. Munthu amene wakhala pa 3 kapena 4 peresenti miyezi yonse ndi wosiyana ndi amene anali pa 8 mpaka mwezi wa 11 kenako mwadzidzidzi 4.

Anayi anu a 4 aja, tengani mmodzimmodzi n'kudzifunsa kuti wapitirira pa chiyani. Ngati wina ali pa K61 miliyoni ndi zochedwa 4.5 peresenti, wachita zimene munagwirizana, basi, ameneyo ndi 3 wabwino ndipo palibe chamanyazi. Ngati wina ali pa K68 miliyoni, zochedwa 3.5, ndipo watsegula magulu atsopano ku Tsangano kumene msewu wake nthawi ya mvula mukuudziwa, 4 wake mukamuteteze ndi mapepala. Mwina pa anayiwo awiri akhala awiri atsika, zimenezo zidziwika ndi umboni.

Tsopano tiwolokere kwa mnzanu, chifukwa msonkhanowu sutsitsa kokha, umayeneranso kukweza. Tinene mmodzi mwa ma 2 ake ndi mnyamata amene amagwira m'chigwa cha Bwanje, wabwereketsa K54 miliyoni, 90 peresenti, nde supavaiza wangoona kuti sanafike pa tageti, 2. Koma mukafunsa mupeza kuti njinga yamoto ya ku ofesi inawonongeka miyezi iwiri ndipo malipoti a kuwonongekako alipo, komanso analandira makasitomala a ofisa amene anachoka, zochedwa zili pa 12 peresenti, iye wazitsitsa kufika pa 4. Werengani: miyezi 10 pa 12 ya K60 miliyoni ndi K50 miliyoni, iye wachita 54, kutanthauza kuti pa miyezi imene anali ndi choyendera anapitirira. Makasitomala ake ambiri ndi alimi amene ndalama amaziona akakolola, osati a pa msika. Munthu ameneyu pomuyerekeza ndi wachiwiri wanu uja amene munamupatsa 5, ndani wasamala ndalama za bungwe? Apa 2 sangaime, ndi 3 mosakayika ndipo 4 akhoza kukambidwa. Pakanapanda msonkhano, mnyamata ameneyu bwenzi alibe bonasi, mwinanso ataikidwa pa ndondomeko ya anthu osachita bwino, pomwe wa zochedwa 9 peresenti akulandira yaikulu. Ndipo inuyo amene mukuopa msonkhanowu mukhoza kukhala amene mukamupulumutse pofunsa funso limodzi lokha kuti kodi derali analilandira lili bwanji.

Koma apa pali malire amene ndikufuna muwamvetse. Kuganizira zovuta za dera sikutanthauza kusintha tageti pa tsiku la msonkhano kuti aliyense aoneke bwino. Zifukwa zimene zimalandiridwa ndi zimene zili ndi pepala ndipo sizinali m'manja mwa wantchitoyo, monga njinga kuwonongeka, kusamutsidwa pakati pa chaka, kudwala kotsimikizika ndi chipatala, tchuthi cha uchembere. Ngati chaka ndi chaka anthu a ku Kasinje sakufika pa K60 miliyoni pomwe a ku Lizulu akupitirira mosavuta, vuto lili pa tageti, ndipo msonkhano ulembe zimenezo kuti chaka chamawa matageti asiyane malinga ndi dera, osati kumangopereka chifundo chaka chilichonse.

Za tchuthi cha uchembere ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pamene amayi ambiri amapwetekedwa mwakachetechete. Lamulo la ntchito la dziko lino la mu 2000, Employment Act, limapatsa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi cholipidwa pa zaka zitatu zilizonse, ndipo gawo 5 la lamulo lomwelo limaletsa tsankho pa ntchito potengera kuti munthu ndi mkazi kapena mwamuna, mtundu, chipembedzo, ndale, kulumala ndi zina. Nde mukamva wina akunena kuti mayi uja chaka chino sanaoneke kwenikweni tingomupatsa 3, funsani kuti pa miyezi imene analipo anachita bwanji, tageti yake iwerengedwe pa miyezi imeneyo mmene tachitira ndi wa njinga uja. Wotsogolera msonkhano wodziwa ntchito, pomaliza amayang'ananso malikisi onse powagawa amayi paokha abambo paokha, akale paokha atsopano paokha, kuti aone ngati gulu lina latsalira popanda chifukwa chooneka.

Tibwere ku nkhawa yanu ya mabonasi, chifukwa si yopanda pake. Ilipo misonkhano ina imene imatchedwa kalibulesheni koma cholinga chake ndi kukwanitsa bajeti, ndipo mukhoza kuizindikira. Chizindikiro chachikulu ndi pamene akuuzani musanayambe n'komwe kuti ma 5 asapitirire awiri, ndipo anthu awiri akuyenera kukhala pa 1 kapena 2 zivute zitani. Njira imeneyi inatchuka ndi Jack Welch ku kampani ya General Electric, kumene ankagawa anthu 20 peresenti apamwamba, 70 apakati, 10 apansi, ndipo apansiwo ankayenera kuchoka. Makampani ambiri anatengera, koma ena anadzaisiya, monga Microsoft mu 2013, anthu atadandaula kwa nthawi yaitali kuti imachititsa antchito kupikisana okhaokha m'malo mothandizana. Pa gulu laling'ono ngati lanu ndiye siyimveka n'komwe, 10 peresenti ya anthu 6 sikwana olo munthu mmodzi, ndipo pa anthu 18 a masupavaiza atatu kunena kuti awiri akuyenera kukhala olephera ndi kuweruza musanaone umboni. Kukhala ndi chithunzi choti anthu ambiri amagwera pa 3 si vuto, chimathandiza kufunsa mafunso, vuto ndi pamene chithunzicho chasanduka lamulo. Ngati timu yanu ilidi yolimba ndipo mapepala akuonetsa, avereji yanu ili ndi ufulu wokhala pamwamba pa ya anzanu ngakhale msonkhano utatha.

Nde mukamva kuti titsitse uyu chifukwa ndalama ya bonasi siyikwana, nenani mwaulemu kuti bwana, nkhani ya ndalama tiikambe payokha. Giredi inene zoona za ntchito ya munthu, kenako ngati thumba ndi laling'ono bungwe lichepetse ndalama imene ikupita pa giredi iliyonse kwa onse mofanana. Munthu wa 4 kumulemba 3 chifukwa cha bajeti ndi bodza limene limakhala mu fayilo yake zaka zambiri, ndipo likadzabwera la pulomoshoni adzayang'ana fayilo yomweyo.

Pali zinanso zimene zimaononga msonkhano olo cholinga chili chabwino. Bwana wamkulu akayamba ndi iye kunena maganizo ake pa munthu, ena onse amangovomera, kwathu kuno kutsutsa wamkulu pagulu n'kovuta nde wotsogolera wabwino amapempha abwana kuti alankhule pomaliza. Supavaiza wa pakamwa amapambana wofatsa ngakhale wofatsayo ali ndi anthu abwino. Kumakhalanso kusinthana, ndisiyire 5 wanga nane ndikusiyira wako, zimenezo mukaziona dziwani kuti msonkhano wasiya ntchito yake. Ndipo choopsa kwambiri ndi mphekesera, wina amene sanagwirepo ntchito ndi munthuyo angoti ndinamva kuti ameneyu amamwa kwambiri, kapena ndinamuona tsiku lina akucheza pa Kampepuza nthawi ya ntchito, basi giredi yatsika. Lamulo la pa tebulo likhale loti chilichonse chonenedwa chikhale cha chaka chimene chikuyesedwacho, chokhudza ntchito, ndipo wonenayo anachiona yekha kapena chili pa pepala. Nkhani ya mwambo, monga kusowa kwa ndalama, ili ndi njira yake ndipo munthu amayenera kumvedwa kaye, si yoti imalizidwire ku kalibulesheni iye kulibe.

Izi zili ndi mbali ya lamulonso. Gawo 57 la Employment Act limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika za kayendetsedwe ka bungwe, ndipo pa za luso ndi khalidwe ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza. Nkhani ikafika ku khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, wolemba ntchito ndi amene amayenera kuonetsa chifukwacho. Tsono taganizani, mwakhala mukumupatsa munthu 4 ndi 5 zaka zitatu chifukwa chomumvera chisoni, kenako zochedwa zake zafika poipa bungwe likufuna kumuchotsa kuti sakutha ntchito, mafomu amene munasaina nokha ndi amene akatsutsane nanu. Mbali inayi nayonso, 2 woperekedwa popanda umboni akhoza kukhala chiyambi cha kuchotsedwa kopanda chilungamo. Nchifukwa chake kusintha kulikonse mu msonkhano kumayenera kulembedwa, giredi yoyamba, giredi yatsopano, ndi chifukwa chake mu ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ngati palibe amene akulemba, pemphani kuti wina alembe.

Pokonzekera, munthu aliyense mumupangire tsamba limodzi lokha. Pamwamba zimene munagwirizana kumayambiriro kwa chaka, pansi pake zimene wachita ndi nambala zake za mwezi ndi mwezi, kenako zitsanzo ziwiri kapena zitatu zenizeni zokhala ndi mwezi wake, chimodzi chikhale cha miyezi yoyambirira ya chaka chifukwa mutu wa munthu umakumbukira za posachedwa zokha, wina amagona miyezi 9 n'kudzuka apulezo ikayandikira. Mulembenso chimene munthuyo sanachite bwino, olo kwa mayi wa 5 uja. Supavaiza amene amatchula yekha zofooka za anthu ake amakhulupiriridwa akamateteza wina, pomwe amene aliyense wake ndi wabwino kwambiri anzake amasiya kumumvera pofika munthu wachitatu. Mawu ngati ndi wolimbikira, ndi waulemu, ndi mwana wabwino, asiyeni kunyumba, nenani kuti anachita chakuti mwezi wakuti ndipo zotsatira zake zinali zakuti. Ndipo musanapite, asanjeni anthu anu 6 kuyambira woyamba mpaka womaliza mumtima mwanu, mudziwe amene mukalimbikire mpaka pomaliza ndi amene mukavomereze msanga. Anthu 18 amatheka pa maola awiri kapena atatu chifukwa sikuti aliyense amakambidwa mofanana, nthawi yambiri imapita pa ma 5, ma 1 ndi ma 2, ndi amene ali pa malire, nde inu ndi ma 5 awiri mukhala pakati pa zokambirana, konzekani kufunsidwa kwambiri ndipo musazitenge ngati akukuukirani.

Chomaliza ndi chovuta kwambiri pa nkhani yanu, chakuti ena munawauza kale. Malikisi asanadutse ku kalibulesheni amakhala oyembekezera chabe ndipo sayenera kutuluka, ngati bungwe silinakuuzeni zimenezi poyamba vuto lina ndi lawo ndipo mukanene mu msonkhano kuti chaka chamawa ndondomeko idziwike msanga. Koma panopa musadikire kuti msonkhano uthe. Aitaneni mmodzimmodzi sabata ino, osati pagulu komanso osati pa foni, muwauze kuti giredi imene ndinakuuzani ija sinamalizike, ikadutsa kaye pa msonkhano wa masupavaiza onse kumene tikayerekeze ndi mabulanchi ena, ikhoza kukhala kapena kusintha. Auzeninso a ku ofesi yoona za antchito kuti ndi angati amene akudziwa kale, asakadzidzimuke.

Mukabwerako, kwa amene giredi yake yatsika, musakanene kuti ine ndinakupatsa 5 koma a ku boma ndi amene akudula. Mawu amenewo amakupeputsani tsiku limenelo lokha, koma munthuyo saphunzirapo kanthu, amangodana ndi ofesi, ndipo inuyo amayamba kukuonani ngati wopanda mphamvu. Khalani naye pansi ndi fomu, mumuwerengere tanthauzo la 3 ndi la 5, mumuonetse K72 miliyoni yake n'kumuyamikira moona, kenako mumuonetse 9 peresenti pambali pa malire a 5, mugwirizane kuti pofika miyezi itatu ikhale pati ndipo inu mumuthandiza bwanji, kaya ndi kuyenda naye kwa magulu amene akuvuta kaya kuonanso mmene akusankhira obwereka. Za malikisi a anzake kapena zimene supavaiza wina ananena musamuuze. Ngati sakukhutira mumuuze njira yodandaulira imene ili mu malamulo a bungwe lanu ndi masiku amene ali nawo, alembe kalata, ndipo dandaulolo likamvedwe ndi munthu wina osati inu.